Konveta yanga ikutentha ndikaipatsa mavoti 24, koma pa 12 ili bwinobwino

Tiyese24

Moni nonse. Ndapanga baki konveta yotsitsa magetsi kufika pa mavoti 5, ndipo chipangizo chimene ndikufuna kuyatsa chimakoka maampu 2. Kachipu kake kamayenda pa 150 kHz, pali dayodi ya shotike, kapasita ya 220 µF kotulukira, ndi indakita ya 100 µH imene analemba kuti imapirira maampu 3. Ndikaipatsa mavoti 12 imagwira ntchito, indakita imangofunda. Ndikaipatsa mavoti 24, pakangotha mphindi zochepa indakitayo imatentha moti chala sungachisiyepo, kumamveka kakulira kapansipansi, ndipo mavoti 5 aja amayamba kugwedezeka. Chikundizunguza ndi ichi: pa 12 dyuti saiko, gawo la nthawi imene swichi imadutsitsa magetsi, ndi 5/12, pafupifupi 42 peresenti, pa 24 ndi 21 peresenti basi. Swichi ikutsegulira magetsi kanthawi kochepa kuposa kale, ndiye indakita siyenera kupumulako? Bwanji ikuvutika kwambiri?

Fyuzi

Si indakita imeneyo achimwene, ndi dayodi. Swichi ikamapuma nthawi yaitali, amene akusenza karenti yense ndi dayodi. Kutenthako kukungodutsa pa mkuwa wa bolodi n'kufika pa indakita. Ikani dayodi yaikulu.

Kamphepo

Kwanga inkalira chomwecho, ndinawonjezera kapasita ya 1000 µF ndipo inasiya. Yesani.

Mlonda_wa_Batire

Kodi mukuvutikiranji ndi zonsezi? 7805 imodzi, makapasita awiri, mwamaliza. Ilibe phokoso.

Nasodala

A Mlonda, werengani bwino funso. Kuchoka pa 24 kufika pa 5 ndi mavoti 19 otayidwa, pa maampu 2 ndi mawati 38 osanduka kutentha, pamene chipangizocho chikungodya mawati 10. Komanso 7805 siinapangidwire maampu 2. Konveta ndiye njira yake pamenepa.

Mlonda_wa_Batire

Ndinaona ngati akuti mamiliampu 200. Pepani.

AgogoWaya

A Tiyese, maganizo anu a dyuti saiko ali ndi polakwika pamodzi, ndipo ambiri timagwa pomwepo poyamba. Mukuyang'ana kutalika kwa nthawi imene swichi ikudutsitsa magetsi, koma mwaiwala mphamvu imene ikukankha karenti pa nthawiyo.

Indakita siilola karenti kusintha mwadzidzidzi. Mukaika voteji pakati pa miyendo yake iwiri, karenti amakwera pang'onopang'ono, ndipo liwiro la kukwerako ndi voteji ija kugawa ndi kukula kwa indakita. Swichi ikamadutsitsa magetsi, mwendo umodzi uli pa voteji yolowa, wina uli pa mavoti 5. Pa 12 indakita ikumva mavoti 7. Pa 24 ikumva mavoti 19. Nthawi yatsika ndi theka, zoona, koma chokankha chakwera kuwirikiza pafupifupi katatu. Ndiye karenti amakwera kwambiri pa 24 ngakhale nthawi ili yochepa.

Ine ndimakonda kuziona kuchokera mbali inayo, chifukwa zimaoneka msanga. Swichi ikatseka njira, karenti wa mu indakita saima, amapitirira kudzera mu dayodi, uku akutsika. Chimene chikumutsitsa ndi mavoti 5 a kotulukira aja, ndipo amenewo sasintha kaya mwalowetsa 12 kaya 24. Liwiro lotsikira ndi lomwelo. Chasintha ndi nthawi yotsikira. Pa 150 kHz mzungulire umodzi umatenga 6.67 µs. Pa 12 karenti amatsika kwa 3.9 µs, pa 24 amatsika kwa 5.3 µs. Akatsika nthawi yaitali amafika pansi kwambiri, ndipo zimene watsikazo ayenera kuzikweranso zonse mzungulire wotsatira, apo ayi mavoti otuluka sangakhazikike. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiye ripo.

```
D  = Vout / Vin
ΔI = Vout × (1 − D) / (L × f)
```

Onani kuti D, dyuti saiko ija, ikamachepa, ΔI, amene ndi ripo, ikukula. N'chifukwa chake indakita timaisankha poyang'ana voteji yolowa yapamwamba kwambiri imene konveta idzakumane nayo, osati yapansi.

Koma tsopano pali chimene sichikugwirizana. Ndikaika 100 µH m'masamuwa, pa 24 ndikupeza ripo wa maampu 0.26 okha. Karenti angamayende pakati pa 1.87 ndi 2.13. Indakita yopirira maampu 3 singatenthe ndi zimenezo. Kapena firikwensi si 150 kHz, kapena indakitayo si 100 µH. Muli ndi osilosikopu? Ikani pamene pakumana swichi, dayodi ndi indakita, mutiuze zimene mukuona.

Fyuzi

Ndiye mwavomereza kuti indakita ilibe mlandu, agogo. Ndi dayodi.

AgogoWaya

Sindinatero ayi. Mfundo yanu ili ndi choona chake: dayodi imasenza karenti nthawi yonse imene swichi yapuma. Tikati imadya theka la voti, pa 12 ikutentha ndi mawati pafupifupi 0.6, pa 24 pafupifupi 0.8. Yakwera ndithu, ndipo anthu ambiri amaiwala kuiyang'ana akakweza voteji yolowa. Koma kusiyana kwa mawati 0.2 sikungawotche indakita yoyandikana nayo mpaka chala kulephera kukhalapo, ndiponso sikungagwedeze mavoti otuluka.

Tiyese24

Ndayeza. Firikwensi ili pafupi ndi 150 kHz, palibe vuto pamenepo. Poopa kuwotcha zinthu ndinachotsa chipangizo chija n'kuikapo rezisita yokoka maampu 0.3 okha, pa mavoti 24. Zodabwitsa ziwiri. Dyuti saiko si 21 peresenti, ikuonetsa pafupifupi 10. Chachiwiri, mzere ukatsika pansi umakhala kanthawi, kenako umayamba kuvina ngati mafunde ozungulira pa mavoti 5, mpaka swichi itayatsanso. Poyeza ndi maampu 2 kwa masekondi ochepa mafundewo kulibe. Kodi kachipu kawonongeka?

Kamphepo

Mafunde amenewo nthawi zambiri ndi waya wa giraundi wa pulobu. Ukakhala wautali umatola phokoso lililonse. Ine ndinataya tsiku lathunthu kusaka vuto limene kunalibe, ndinkangoona zibaya zazitali pa sikirini. Nditachotsa waya wa kachingwe kaja n'kugwiritsa ntchito kasipuling'i kafupi, zonse zinazimiririka.

Chete_Chete

Kasipuling'i kameneko ine kanandisowa kalekale. Ndimangokulunga waya wopanda chikopa pa khosi la pulobu, zimatheka.

Mlonda_wa_Batire

Nanga malitimita singathandize pamenepa? Yanga ili ndi poyezera Hz ndi peresenti.

Chete_Chete

Firikwensi mwina ingakuuzeni, ngati imafika kumeneko. Koma mukaiika kuti iyeze karenti imangokupatsani wapakati. Karenti akhoza kumalumpha kuchoka pa theka la ampu kufika pa atatu ndi theka, iyo n'kumalemba 2.00 mosatekeseka.

Nasodala

Tibwerere kwa a Tiyese. A Kamphepo, zimene mukunenazo zimachitika, koma zibaya za waya wa giraundi zimaoneka pa mphindi yeniyeni imene swichi ikuyaka kapena kuzima, ndipo ndi zothina kwambiri. Awa akuti mafunde akuyamba pakati pa nthawi yopuma, akuzungulira pa mavoti 5, ndipo amachoka lodi ikakula. Imeneyo si pulobu. Karenti wa mu indakita watsika mpaka wafika pa ziro nthawi isanathe, dayodi yatseka chifukwa siilola karenti kubwerera, ndiye malo aja pamene pakumana swichi, dayodi ndi indakita atsala opanda wowagwira. Indakita ndi tikapasita tobisika ta mu dayodi ndi mu swichi zimangokankhana mpaka swichi iyakenso. Kachipu kali bwino.

Koma ndi 100 µH zimenezi siziyenera kuchitika pa maampu 0.3. A Tiyese, pamwamba pa indakitayo palembedwa chiyani? Lembani ndendende.

Tiyese24

Palembedwa `100` basi. N'chifukwa chake ndikuti 100 µH.

Nasodala

Ndi pamenepo. Pa tiindakita timeneti manambala awiri oyamba ndi mtengo wake, yachitatu ndi kuchuluka kwa maziro owonjezera. `100` ndi 10 wopanda ziro wowonjezera, kutanthauza 10 µH. Ya 100 µH imalembedwa `101`. Ya 47 µH imalembedwa `470`. Muli ndi indakita yochepa kakhumi kuposa imene mumaganiza.

Fyuzi

Eee. Chabwino, pamenepo ndagonja.

AgogoWaya

Achemwali a Nasodala agwira pomwe pali vuto, ndipo muyezo wa a Tiyese ukuchitira umboni. Tiyeni tione ngati 10 µH ikupereka 10 peresenti ija. Mavoti 19 pa 10 µH amakweza karenti ndi maampu 1.9 pa µs iliyonse. Swichi ikayaka kwa 10 peresenti ya mzungulire, ndiye 0.66 µs, karenti achoka pa ziro kufika pafupifupi 1.26. Kenako atsika ndi theka la ampu pa µs iliyonse, ndipo m'kati mwa 2.5 µs watha. Zonse pamodzi ndi 3.2 µs, mzungulire ndi 6.67 µs, ndiye theka lotsalalo ndi la mafunde aja. Mukawerenga wapakati wake mupeza maampu 0.3, ndendende amene rezisita ikukoka. Lamulo la D = Vout / Vin limagwira pokhapokha karenti asafike pa ziro. Akafika pa ziro, dyuti saiko imayamba kudalira lodi, ndipo kachipu kamaichepetsa kuti mavoti asapitirire 5.

Tsopano lodi yeniyeni ya maampu 2, ndi indakita yeniyeni imene ili pa bolodi:

```
Vin = 12 V:  ΔI = 5 × 0.583 / 1.5 = 1.94 A   Ipk = 2 + 0.97 = 2.97 A
Vin = 24 V:  ΔI = 5 × 0.792 / 1.5 = 2.64 A   Ipk = 2 + 1.32 = 3.32 A
```

Yankho la funso lanu loyamba lili pa manambala awiri omalizawo. Pa 12 nsonga ya karenti imangokhudza malire a maampu 3. Pa 24 yawadumpha. Ndipo apa sindinawerengere theka la voti la dayodi, limene limakweza nsongayo kufika pafupifupi 3.4.

Kudumpha malirewo si nkhani yaing'ono. Chapakati cha indakita, chimene waya wakulungidwapo, chimanyamula maginito mpaka muyezo wina, kenako chimakhuta. Chikakhuta, indakita ija siikhalanso 10 µH, imagwa, mwina kufika pa theka kapena kutsikirapo. Indakita ikachepa karenti amakwera mwaliwiro kwambiri, ndipo akakwera chapakaticho chimakhutiratu. Choncho 3.32 ija ndi ya papepala, yeniyeni ndi yoposa. Vuto lina n'lakuti chapakati chopangidwa ndi feraiti chikatentha chimakhuta msanga. N'chifukwa chake konveta yanu imayamba bwino, n'kudzasokonekera patapita mphindi zingapo. Kutentha kukubweretsa kukhuta, kukhuta kukuwonjezera kutentha.

Tiyese24

Zikomo kwambiri agogo, tsopano ndikuona. Koma ndifunse. Analemba kuti maampu 3, ine ndikukoka 2. Ndinkaganiza kuti ndasiya mpata wokwanira. Ndiye nambala imeneyo munthu aziimva bwanji?

AgogoWaya

Pa detashiti ya indakita pamakhala manambala awiri a karenti, ndipo amanena zinthu zosiyana. Ina ndi `Irms`, imene imanena karenti amene angadutse osatenthetsa waya mopitirira, kawirikawiri kukwera kwa madigiri 40. Inayo ndi `Isat`, imene imanena karenti amene indakita yagwa kale ndi gawo lina, kwa ena 10 peresenti, ena 20, ena 30. Yoyambayo muziifananiza ndi karenti wa lodi. Yachiwiriyo muziifananiza ndi nsonga, osati ndi wapakati. Ogulitsa akalemba nambala imodzi yokha, funsani kuti ndi iti.

Ine ndimapitirira apo. Ndimafuna kuti `Isat` ikhale pamwamba pa malire a karenti a kachipu komwe, chifukwa tsiku limene mawaya otuluka adzagundane, karenti adzakwera mpaka pamene kachipu kamadulira, ndipo sindifuna kuti indakita ikhute kachipu kasanadule.

Chete_Chete

Pamenepo agogo ndikutsutsani pang'ono. Pa feraiti ndikuvomera, chifukwa imagwa mwadzidzidzi ngati munthu waponda dzenje. Koma za chitsulo chaufa zimagwa pang'onopang'ono, karenti akapitirira pang'ono palibe choopsa. Kuumirira lamulo lanulo pa mtundu uliwonse kumangokulitsa bolodi.

AgogoWaya

Pa chitsulo chaufa ndimafewetsa, inde. Koma munthu amene sakudziwa kuti chapakati cha indakita yake ndi chamtundu wanji, ndimamuuza atsate lamulo lolimbalo.

Mlonda_wa_Batire

Ngati vuto ndi indakita yaing'ono, ikani 470 µH muiwale za ripo. Kukula sikulakwa.

Nasodala

Kumalakwa. Kuti indakita ikule pa thupi lomwelo pamafunika mizere yambiri ya waya wowonda, ndiye rezisitansi ya waya imakwera ndipo `Isat` imatsika. Mungathe kuthawa kukhuta kwa ripo n'kukagwera kukhuta kwa karenti wa lodi yemwe. China, indakita yaikulu imachedwa kumva. Chipangizo chikasiya mwadzidzidzi kukoka maampu 2, karenti wa mu indakita ayenera kutsika, ndipo chomutsitsa ndi mavoti 5 okha. Pa 470 µH zimatenga pafupifupi 190 µs, nthawi yonseyo karenti wotsalayo akuthiridwa mu kapasita ndipo mavoti akukwera. Pa 47 µH ndi 19 µs basi.

Ambiri amasankha kuti ripo akhale pakati pa 20 ndi 40 peresenti ya karenti wa lodi. Titenge 30, ndiye maampu 0.6 pa mavoti 24:

```
L = 5 × 0.792 / (0.6 × 150000) = 44 µH
```

Yapafupi imene imapezeka ndi 47 µH. Ripo akhala 0.56, nsonga 2.28. Ya 33 µH ingagwirenso, ripo 0.8, nsonga 2.4. Koma onaninso detashiti ya kachipu kanu, chifukwa ena amakhala ndi tebulo la indakita ndi kapasita zimene zimayendera limodzi.

Kamphepo

Nanga kwanga kapasita inathetsa bwanji kulira? Sindikunama, inasiyadi.

AgogoWaya

Sindikukayika. Koma taonani chimene kapasita imachita ndi chimene siichita. Ripo wa karenti amalowa mu kapasita, ndipo kugwedezeka kwa mavoti kumachokera kuwiri. Gawo la kukula kwa kapasita ndi ΔI / (8 × f × C), ndipo pa bolodi ya a Tiyese ndi mamilivoti 10 okha ngakhale ripo ali 2.64. Gawo lina ndi la rezisitansi ya m'kati mwa kapasita, imene pa detashiti amailemba `ESR`. Tikangoyerekeza kuti ndi 0.1 Ω, ripo yemweyo akupereka mamilivoti 264. Inu mutaika kapasita yachiwiri pambali pa yoyamba munatsitsa rezisitansi imeneyo, mavoti anasalala, ndipo mwina kachipu kanasiya kusokonezeka ndi zimene kamamva pa mwendo wake woyezera. Koma karenti wa mu indakita sanasinthe ngakhale pang'ono. Ngati inali kukhuta, ikukhutabe, kungoti mwakachetechete. Kaikhudzeni ikagwira ntchito kwa mphindi khumi.

Kamphepo

Imafunda ndithu, koma osati kuwotcha. Ndikaona chimene chalembedwapo.

Fyuzi

Chimene sindikumvetsa ndi kulirako. Khutu la munthu limalekera pa 20 kHz. Chinthu choyenda pa 150 kHz chingamveke bwanji?

Chete_Chete

Simukumva 150 kHz. Karenti akagunda malire, kachipu kamadula msanga kapena kudumpha mizungulire ina, kenako n'kuyambiranso. Kudula ndi kuyambiraku kukamabwerezeka kangapo pa milisekondi imodzi, kwalowa m'dera limene khutu limamva, ndipo waya ndi chapakati cha indakita zimanjenjemera motsatira.

Tiyese24

Ndabweranso. Ndapeza ya `470`, detashiti yake ikuti `Isat` ndi maampu 4. Ndaiika. Pa mavoti 24 ndi maampu 2 yagwira ola lathunthu, indakita ikungofunda, mavoti ali pa 5.02 osasuntha, dyuti saiko ikuonetsa pafupifupi 24 peresenti. Ndisanachotse yakale ija ndinachita chimene ndinawerenga kwina, kuika rezisita ya 0.05 Ω motsatizana ndi indakita kumbali yotulukira n'kuyeza ndi mapulobu awiri. Chithunzi chinali chaphokoso, komabe zinaoneka: mzere wokwera sunali wowongoka, kumapeto kwake unkapindikira m'mwamba ngati mbedza. Ndi yatsopanoyi ndi mano a sowo owongoka, aafupi.

Zatsala ziwiri. Bwanji 24 osati 21? Ndipo ndikachotsa lodi yonse, kakulira kena kakang'ono kakumvekabe ndikayandikitsa khutu.

AgogoWaya

Mbedza imeneyo ndiyo chizindikiro cha kukhuta, mwachita bwino kuiona ndi maso anu. Za 24 peresenti musadandaule. Dayodi ikudya theka la voti, ndiye dyuti saiko yafika kale pa 5.5 / 24.5, kupitirira 22 peresenti. Swichi nayo imadya yake, waya wa indakita wake, ndipo kachipu kamatalikitsa nthawi yoyaka kuti kabweze zonsezo. Mukaona dyuti saiko yokwera pang'ono kuposa ya masamu, mukuona zotayika za konveta yanu.

Kulira kopanda lodi ndikuganiza kuti kachipu kakudumpha mizungulire. Popanda wokoka karenti, ngakhale kuyaka kwakufupi kwambiri kumene kangathe kumapereka zoposa zofunika, ndiye kamayaka kamodzi n'kudikira. Ngati ndi zimenezo palibe choopsa.

Nasodala

Ine sindikutsimikiza kuti ndi indakita imene ikulira. A Tiyese, pali kapasita ya seramiki kolowera? Zina mwa izo zimanjenjemera voteji ikamasintha, n'kumagwedeza bolodi. Komanso mwasintha indakita kuchoka pa 10 kufika pa 47 µH koma kapasita ndi yomweyo, ndiye firikwensi imene ziwirizi zimavinira limodzi yatsika kuchoka pa 3.4 kHz kufika pa 1.6 kHz. Ndingakonde kuona kuti mavoti akuchita bwanji mukalumikiza ndi kuchotsa lodi mwadzidzidzi, ngati akubwerera msanga kapena akuyamba avina kaye.

AgogoWaya

Kuvina kotero kukanamvekanso pa maampu 2, ndipo akuti pamenepo kuli zii. Koma kuyezako n'koyenera, sindikukana.

Tiyese24

Ya seramiki ilipo, ya 10 µF, pafupi ndi kachipu. Ndaika rezisita ya 100 Ω kotulukira kuti izikoka mamiliampu 50, kulirako kwachepa koma sikunatheretu. Ndikakanikiza indakita ndi kamtengo sikusintha, ndikakanikiza bolodi pafupi ndi kapasita ija kumasinthako pang'ono, ngakhale mwina ndi khutu langa. Mawa ndiyeza zolumikiza ndi kuchotsa lodi zija, ndiika osilosikopu pa `SINGLE` kuti igwire mphindi yeniyeniyo.

Kamphepo

Ndakaona yanga. Palembedwa `220`, ndiye kuti ndi 22 µH, ine nthawi yonseyi ndimati 220. Imatsitsa 19 kufika pa 5, ampu imodzi ndi theka, firikwensi sindikuidziwa. Agogo, ndiyeze pa mwendo uti?